Aliyense wogula ali ndi womugulitsa: kuwerenga fanding'i ndi makontirakiti otseguka

Pa msika wa makontirakiti osatha a kripito, amene alibe tsiku lothera, ogula sangachuluke kuposa ogulitsa. Kontirakiti iliyonse imabadwa anthu awiri akagwirizana: wina akubetcha kuti mtengo ukwera, ameneyu ndi wa long'i, winayo akubetcha kuti utsika, ameneyu ndi wa shoti. Ngati pa msika pali malong'i okwana Bitcoin 80,000, ndiye kuti palinso mashoti okwana Bitcoin 80,000, osapitirira komanso osachepera. Choncho mukamva wina akunena kuti a long'i achuluka ndipo msika ugwa, dziwani kuti mwina wanunkhiza chinthu chenicheni, koma akuchifotokoza molakwika. Kulakwitsa kumeneku kwaluzitsa anthu ndalama zambiri.

Kuunjikana mbali imodzi kulipo ndithu, kungoti sikuyezedwa powerenga makontirakiti. Funso lake ndi lakuti, mwa mbali ziwirizo, ndi iti imene ingapirire mtengo ukatembenuka, ndipo ndi iti imene idzatulutsidwe mokakamiza? Mbali imene yadzaza anthu obetcha ndi ndalama zochepa pa malonda aakulu, opanda chodzitchinjirizira, ndiyo younjikana. Manambala awiri amathandiza kuizindikira. Yoyamba ndi fanding'i, imene pa sikirini imalembedwa `Funding Rate`. Yachiwiri ndi kuchuluka kwa makontirakiti amene akadali otseguka, `Open Interest` kapena `OI`. Iliyonse payokha imanena zochepa kwambiri, ndipo ngakhale mutaziphatikiza, pali funso limodzi limene sizingayankhe.

## Fanding'i imachokera kuti

Kontirakiti wamba ya mtsogolo ili ndi tsiku lothera. Likafika tsikulo, mtengo wake umakumana ndi mtengo wa katundu weniweni, ufune usafune. Kontirakiti yosatha ilibe tsiku lotero. Msika wa BitMEX ndi umene unaitchukitsa pa Bitcoin mu 2016, ndipo lero malonda ambiri a kripito amachitikira pa makontirakiti a mtundu umenewu. Popeza palibe tsiku lokakamiza mitengo kukumana, panafunika chingwe china chomangirira mtengo wa kontirakiti ku mtengo wa pa msika wa pompopompo, kumene munthu amagula Bitcoin yeniyeni n'kuitenga. Chingwecho ndi fanding'i.

Kontirakiti ikamagulidwa pa mtengo wokwera kuposa wa pompopompo, a long'i amalipira a shoti. Ikamagulidwa motsika ndithu, a shoti ndi amene amalipira a long'i. Ndalamazi sizipita kwa eni msika, zimangochoka m'thumba la mbali ina kulowa m'thumba la mbali inzake. Pa Binance, kontirakiti ya `BTCUSDT` imalipiritsa maola 8 aliwonse, ndipo kwa amene ali ku Malawi, Zambia kapena Joni, nthawi zake zimagwera 2 koloko usiku, 10 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo. Amalipira ndi yekhayo amene malonda ake ali otseguka pa nthawi imeneyo.

Kawerengedwe kake pa Binance, kamene misika ina yambiri imatsatiranso, ndi aka:

```
F = P + clamp(I - P, -0.05%, +0.05%)
I = 0.01%
```

`F` ndi fanding'i. `P` ndi kusiyana kwa mtengo wa kontirakiti ndi wa pompopompo, kutengera pakatikati pa maola onsewo. `I` ndi chiwongoladzanja chokhazikika. Mawu a `clamp` akutanthauza kuti nambala ya mkatimo siloledwa kupitirira malire awiriwo. Zotsatira zake n'zofunika kuzimvetsa bwino. Ngati `P` ili paliponse pakati pa -0.04% ndi +0.06%, fanding'i imatuluka 0.01% ndendende. Ndiye kuti 0.01% si umboni woti a long'i atenthedwa mutu. Ndi pamene msika umakhala pakakhala bata. Ndaona anthu akuda nkhawa chifukwa fanding'i yakhala pamwamba pa ziro kwa mwezi wathunthu, chonsecho ndi mmene inapangidwira. Chodabwitsa chimayamba nambala ikachoka pa 0.01%. Ikafika 0.05%, ndiye kuti kontirakiti yakhala ikugulidwa pafupifupi 0.10% pamwamba pa mtengo weniweni kwa maola 8 athunthu. Ikatsika kufika 0.003%, ngakhale kuti ikadali pamwamba pa ziro, ndiye kuti kontirakiti ikugulidwa pansi pa mtengo weniweni, ndipo amene akukankha ndi ogulitsa.

Manambalawa amaoneka aang'ono chifukwa ndi a maola 8 okha. Achulukitseni katatu pa tsiku ndi masiku 365. Fanding'i ya 0.01% imakhala 10.95% pa chaka, ya 0.05% imayandikira 55%, ndipo ya 0.10% imafika 109.5%. Chizolowezi chosandutsa zonse kukhala za pa chaka chimapulumutsa, chifukwa misika siilipiritsa mofanana. Hyperliquid imalipiritsa ola lililonse, ndipo makontirakiti ena pa Binance pomwepo amalipiritsa maola 4 aliwonse. Mukaona 0.01% pa msika wa ola lililonse, imeneyo ndi 87.6% pa chaka, osati bata ayi.

Komanso fanding'i imawerengedwa pa kukula kwa malonda onse, osati pa chikole chimene munayika. Munthu amene wayika madola 500 n'kutsegula malonda a madola 10,000, ndiye kuti levareji yake ndi 20. Fanding'i ikakhala 0.08%, amalipira madola 8 nthawi iliyonse, madola 24 pa tsiku. Pa malonda onse ndi kadontho, koma pa chikole chake ndi 4.8% tsiku lililonse. Masiku asanu okha mtengo usanasunthe, watsala pang'ono kutaya kota ya chikole. Ngakhale wa katapila salipiritsa chonchi. Munthu wotere sangadikire, ndipo kusadikira kwakeko ndi kumene tikufuna kuyeza.

## Amene ali mbali inayo ndani

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Ngati a long'i akulipira 80% pa chaka, pali wina amene akulandira ndalamazo. Nthawi zambiri si munthu wokhulupirira kuti Bitcoin itsika. Ndi wamalonda amene wagula Bitcoin imodzi pa msika wa pompopompo n'kutsegula shoti ya Bitcoin imodzi pa kontirakiti yosatha. Mtengo ukakwera, amapindula pa yeniyeniyo n'kuluza pa shoti. Ukatsika, zimatembenuka. Mbali zonse amatsala pomwe anali, n'kumatolera fanding'i katatu pa tsiku. Kumene mtengo ukulowera alibe nako ntchito.

Tsopano yerekezani mbali ziwirizo. Makontirakiti ndi ofanana kuchuluka, koma anthu ake ndi osiyana. Mbali ya long'i kuli anthu obetcha ndi chikole chochepa, amene mtengo ukatsika ndi 5% kapena 10% msika umawatsekera malonda mokakamiza. Kutsekeredwa kumeneku, kumene amalonda amati likwideshoni, kumachitika pogulitsa malonda awowo pa mtengo uliwonse umene ulipo. Mbali ya shoti kuli anthu amene kutsika kwa mtengo sikuwakhudza, ndipo sakuthamangira kugula kuti atseke. Mtengo ukayamba kutsika, ogulitsa mokakamizidwa amakhala ambiri, ogula mofulumira n'kukhala ochepa. Kugulitsa kulikonse kumatsitsanso mtengo mpaka kufika pa gulu lina la a long'i, iwonso n'kutsekeredwa. Umu ndi mmene kutsika kwa 3% kumasandukira 12% m'maola ochepa popanda nkhani yatsopano iliyonse.

Fanding'i yokwera, choncho, ikunena zinthu ziwiri nthawi imodzi. Ikunena kuti a long'i akufunitsitsa kulowa moti akulolera kulipira modula. Ikunenanso kuti ndalama za anthu odzitchinjiriza aja sizinakwane kutseka mpatawo, chifukwa zikanakwana, mashoti awo akanabweza mtengo wa kontirakiti pafupi ndi weniweni.

Kudzitchinjiriza kumeneku si kuti kulibe ngozi. Mtengo ukakwera mwadzidzidzi, shoti imafuna chikole chowonjezera pomwe Bitcoin yeniyeniyo mwina ili kwina. Ndipo msika womwewo ungagwe ndi ndalama zawo, monga zinachitikira ndi FTX mu Novembala 2022.

## Makontirakiti otseguka, ndi msampha wa madola

Fanding'i ikuuzani mbali imene ikukankha, koma siikuuzani kukula kwa gululo. Kukula kumaoneka pa makontirakiti otseguka. Nambalayi imakwera pamene wa long'i watsopano wakumana ndi wa shoti watsopano. Imatsika pamene onse awiri akutseka. Wina akatuluka, mnzake watsopano n'kulowa m'malo mwake, siisintha. N'chifukwa chake imasiyana ndi kuchuluka kwa malonda a tsiku: kontirakiti imodzi ingasinthe manja kakhumi, malonda a tsiku n'kuoneka ochuluka, makontirakiti otseguka ali pomwepo.

Msampha waukulu ndi woiwerenga m'madola. Ngati pali makontirakiti a Bitcoin 80,000 ndipo mtengo wakwera ndi 10%, nambala ya m'madola imakweranso ndi 10% ngakhale palibe munthu mmodzi amene watsegula chatsopano. Nkhani zambiri zonena kuti makontirakiti otseguka afika pamene sanafikepo zimangobwereza kuti mtengo wakwera. Werengani mu Bitcoin. Pa masamba a pa intaneti osonyeza manambalawa, CoinGlass ndi Coinalyze, pali posinthira muyezowo, ndipo amene amakoka okha manambala ku Binance amapeza zonse ziwiri:

```
GET /futures/data/openInterestHist?symbol=BTCUSDT&period=1h
sumOpenInterest        BTC
sumOpenInterestValue   USDT

GET /fapi/v1/fundingRate?symbol=BTCUSDT
```

Woyenera kuuyang'ana ndi mzere wa `sumOpenInterest`. Binance imangopereka mbiri ya pafupifupi mwezi umodzi pa njira imeneyi, choncho wofuna mbiri yaitali azisunga yekha. Musadalirenso msika umodzi, chifukwa anthu amasamuka. Makontirakiti angatsike pa Binance n'kukwera pa Bybit kapena OKX tsiku lomwelo.

## Sabata imodzi, manambala ongoyerekeza

Tiyeni tiike manambala patebulo. Awa ndi ongopeka pofuna kuonetsa kawerengedwe, si a sabata ina yeniyeni.

Lolemba Bitcoin ili pa madola 60,000. Makontirakiti otseguka ndi Bitcoin 80,000, fanding'i ili pa 0.01%. Pofika Lachisanu mtengo uli pa 66,000, makontirakiti afika Bitcoin 100,000, fanding'i ili pa 0.08%.

M'madola, makontirakiti achoka pa 4.8 biliyoni kufika 6.6 biliyoni, kukwera kwa 37.5%. Nambala imeneyi ikukokomeza. Kukwera kwenikweni ndi 25%, Bitcoin 20,000 zatsopano. Komabe 25% m'masiku asanu si zochepa, makamaka poona kuti mtengo wangokwera ndi 10%. Malonda a ngongole akukula mofulumira kuposa mtengo. Fanding'i ikutiuza amene akuwakulitsa: ndi a long'i, ndipo gulu lonselo likulipira madola 5.28 miliyoni maola 8 aliwonse, pafupifupi 15.8 miliyoni pa tsiku.

Chotsatira, chimene ambiri amachidumpha, ndi kuona pa tchati cha ola ndi ola kuti Bitcoin 20,000 zija zinalowa liti. Tinene kuti zambiri zinalowa Lachinayi ndi Lachisanu, mtengo uli pakati pa 64,000 ndi 66,000. Tsopano tikudziwa pafupifupi pamene atsopanowa analowera, tinene 65,000. Wa levareji 20 amatsekeredwa mtengo ukatsika ndi pafupifupi 4.5%, osati 5%, chifukwa msika umafuna kuti pakhale kachikole kotsala ka pafupifupi theka la peresenti. Ameneyu athera pa 62,100. Wa levareji 10 amapirira mpaka 9.5%, pafupifupi 58,800. Kuchokera pa 66,000, kutsika kwa 6% kokha kukufika pa gulu loyamba, ndipo kwa Bitcoin 6% ndi nkhani ya tsiku limodzi. Fanding'i nayo ikudya: ikatha ndalama zapadera za mu akaunti imayamba kuchotsedwa pa chikole, ndipo mtengo wotsekeredwa umasendera pafupi.

Levareji ya munthu aliyense siioneka poyera. Mapu amitundumitundu osonyeza pamene likwideshoni yaunjikana amapangidwa ndi kuyerekeza konga komwe tachita apaku, kungoti ndi kompyuta. Ndi othandiza, koma si kaundula wa msika.

Loweruka ndi Lamlungu ndi pamene chithunzi chimamveka. Tinene kuti mtengo wangozungulira pakati pa 65,500 ndi 66,300, koma makontirakiti akwerabe kufika Bitcoin 104,000 ndipo fanding'i siinatsike. Kwa ine ichi ndi chizindikiro cholemera kuposa zonse. Anthu akupitiriza kugula ndi ngongole, akulipira modula, koma mtengo sukusuntha. Ndiye kuti pali wina amene akuwagulitsa zonse zimene akufuna, ndipo ndalama zatsopano za ngongole zaleka kukankha mtengo. Pamenepo ndi pomwe ndinganene mosakayika kuti mbali ya long'i yaunjikana.

Mtengo womwewo wa 66,000 ukanatha kufikidwa m'njira zina. Makontirakiti akanakhala pa 81,000 ndipo fanding'i n'kukhalabe pa 0.01%, tikanati akukweza mtengo ndi ogula Bitcoin yeniyeni, anthu amene palibe angawatsekere malonda. Makontirakiti akanatsika kufika 70,000 mtengo ukukwera, tikanati ndi a shoti amene akuthawa, ndipo kukwera kotere kumatha mphamvu othawawo akatha. Tchati cha mtengo n'chimodzimodzi m'njira zonse zitatu. Chosiyana ndi amene wanyamula katundu.

## Zimene zinachitika mu Febuluwale ndi Marichi 2024

Mu Januwale 2024 dziko la America linavomereza ma ETF a Bitcoin yeniyeni, mabungwe osunga Bitcoin amene magawo awo amagulidwa pa msika wa masheya, ndipo ndalama zambiri zinayamba kulowa kudzera m'menemo. Febuluwale atayamba, mtengo unali pafupi ndi madola 43,000. Pofika pa 27 Febuluwale unali cha m'ma 57,000, ndipo fanding'i pa misika ina inali itafika pa mlingo wopitirira 100% pa chaka. Makontirakiti otseguka anali akukwera. Malinga ndi zonse tafotokozazi, a long'i anali ataunjikana, ndipo kuwerenga kumeneko kunali kolondola.

Koma taonani zimene zikanamuchitikira munthu amene anatsegula shoti tsiku limenelo chifukwa cha fanding'i. Mtengo unapitiriza kukwera kwa sabata ina yathunthu mpaka pa 5 Marichi, pamene unadutsa pang'ono 69,000, mtengo wapamwamba wa mu Novembala 2021. Kumeneko ndi kukwera kwa 21% motsutsana naye. Ndi levareji 5 yokha, akanatsekeredwa asanaone chimene ankadikira. Tsiku lomwelo la 5 Marichi kugwa kunabweradi: m'maola ochepa mtengo unatsika kufika cha m'ma 59,000 mpaka 60,000, malonda a kripito opitirira madola 1 biliyoni anatsekedwa mokakamiza, ambiri a long'i, ndipo fanding'i inazizira. Komabe pansi penipeni pa kugwako panali pamwamba pa 57,000 pamene wa shoti uja analowera. Pa 14 Marichi mtengo unadutsa 73,000.

Ili ndi funso limene manambala awiriwa sangayankhe: liti. Amakuuzani kuti kugwa kukabwera kudzakhala kwamsangamsanga ndiponso kozama kuposa mmene nkhani yoyambitsayo ingafunire. Sakuuzani tsiku, komanso sakuuzani mtengo umene kudzayambire. Amene anawawerenga bwino sabata imeneyo ndi amene anali kale ndi long'i n'kuchepetsa levareji, kapena amene anakana kulowa ndi levareji 20 pa 67,000, kapena amene anadikira kuti kusesako kuchitike kaye. Ine ndimaona kuti ntchito ya manambalawa ndi kusankha kukula kwa malonda ndi kutalika kwa mtengo wotsekeredwa, osati kusankha mbali. Chinanso chimene nkhaniyi ikuonetsa n'chakuti pansi pa a long'i a ngongole panali ogula enieni a ma ETF. Ngongole itasesedwa, iwo anali akadalipo, n'chifukwa chake mtengo unabwerera msanga. Pamene palibe ogula otere, kusesa komweko kumakhala chiyambi cha kutsika kwautali.

## Fanding'i ya pansi pa ziro: nkhani ziwiri zosiyana

Mbali ya shoti nayo imaunjikana. Bitcoin itagwa mu Meyi 2021, inakhala miyezi iwiri ikuzungulira pakati pa madola 30,000 ndi 40,000, ndipo fanding'i inkatsika pansi pa ziro kawirikawiri. Ambiri ankabetcha kuti 30,000 ibooka. Pa 26 Julaye kunamveka mphekesera yoti Amazon iyamba kulandira Bitcoin, imene kampaniyo inaikana pambuyo pake. Mtengo unalumpha kuchoka cha m'ma 35,000 kuyandikira 40,000, ndipo pa kontirakiti yosatha ya Binance unagunda 48,000 kwa kamphindi chifukwa a shoti ankakakamizidwa kugula pa mtengo uliwonse umene unalipo. Amenewo anali a shoti opanda chotchinjiriza.

Yerekezani ndi Sepitembala 2022. Ethereum, imene ndalama yake ndi ETH, inkasintha kayendetsedwe kake pa 15 Sepitembala, ndipo gulu lina linalengeza kuti lipitiriza njira yakale ndi ndalama yatsopano ya ETHW, imene aliyense wosunga ETH yeniyeni pa nthawi ya kusinthako adzalandire ulere. Amalonda anagula ETH yeniyeni kuti alandire mphatsoyo, n'kutsegula mashoti ofanana kuti mtengo usawapweteke. Makontirakiti otseguka anakwera, fanding'i inatsika kwambiri pansi pa ziro. Pa sikirini zinkaoneka ngati Julaye 2021, mwinanso kuposa. Amene anatsegula long'i poyembekezera kuti a shoti afinyidwa anadikira pachabe. A shoti amenewa sakanafinyidwa, chifukwa aliyense anali ndi ETH yake m'manja. Kusinthako kutachitika anatseka mbali zonse ziwiri, kugula kontirakiti n'kugulitsa yeniyeni. Fanding'i inabwerera mwakale mosachedwa, ndipo mtengo wa ETH unatsika.

Musanakhulupirire fanding'i yachilendo, funsani ngati pali chifukwa china chimene munthu angalolere kuilipira popanda kubetcha. Kugawidwa kwa ndalama zaulere ndi chimodzi. Pa tindalama tating'ono palinso china: anthu amene ali ndi ndalama zomangidwa, zoti sangazigulitse mpaka tsiku linalake, amatsegula mashoti kuti ateteze mtengo wake. Fanding'i imatha kukhala pansi pa ziro kwa milungu, mtengo n'kumatsikabe. Pa tindalama totere mtengo wa pompopompo ndi wosavutanso kuukankha, choncho fanding'i yake ndimaikhulupirira pang'ono poyerekeza ndi ya Bitcoin kapena ETH.

## Muyezo umasuntha

Palibe nambala imodzi ya fanding'i imene ingatchedwe yoopsa kwa zaka zonse. Kumayambiriro kwa 2021, 0.10% inkaoneka kawirikawiri ndipo mtengo unakwera kwa miyezi. Kuyambira 2024 ndalama zotolera fanding'i zachuluka kwambiri. Kampani ya Ethena, mwachitsanzo, inamanga dola yake ya USDe pa njira yomweyi yosunga kripito yeniyeni n'kutsegula mashoti, ndipo ndalama zake zinafika mabiliyoni a madola. Otolera akachuluka chonchi, mpata umatsekedwa msanga, fanding'i siikwera ngati kale ngakhale a long'i a ngongole ali ambiri. Choncho yerekezani fanding'i ya lero ndi ya miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi yapitayi pa kontirakiti yomweyo, ndipo onani masiku amene yakhala pamwamba. Kulumpha kamodzi kwa maola 8 sikunena zambiri. Malipiro khumi otsatizana ali pamwamba ndi nkhani ina.

Izi zikutanthauzanso kuti fanding'i yabata si chitsimikizo cha mtendere. Pa 6 Okutobala 2025 Bitcoin inafika pafupifupi madola 126,000, makontirakiti otseguka pa kripito yonse ali ochuluka kwambiri. Pa 10 Okutobala, Donald Trump atalengeza msonkho wowonjezera wa 100% pa katundu wa ku China, malonda opitirira madola 19 biliyoni anatsekedwa mokakamiza mkati mwa tsiku limodzi malinga ndi CoinGlass, ndipo tindalama tating'ono tinagwa koopsa kuposa Bitcoin. Usiku umenewo misika ina inatsekera ngakhale a shoti amene ankapindula, kudzera mu njira yotchedwa `ADL`, pofuna kukwirira zotayika za mbali inayo. Odzitchinjiriza ena anadzuka n'kupeza shoti yatsekedwa, atsala ndi katundu amene mtengo wake ukugwa. Makontirakiti akakula kwambiri poyerekeza ndi malonda a pompopompo a ndalama imeneyo, ngozi ilipo kale, fanding'i inene kapena isanene.

## Kudziwa kuti kusesa kwatha

Kugwa kukachitika, manambala omwewo amasonyeza ngati ounjikana aja atulukadi. Bwererani ku sabata yathu yongoyerekeza. Makontirakiti anakwera kuchoka pa 80,000 kufika 104,000. Mtengo ukagwa kufika 61,000, makontirakiti n'kutsika kufika 83,000, fanding'i n'kubwerera pa 0.01% kapena pansi pake, ndiye kuti pafupifupi onse amene analowa mochedwa atuluka. Otsalawo ndi akale, amene analowa pa mtengo wotsika ndipo ali ndi malo opumira.

Koma mtengo ukagwa kufika 61,000 makontirakiti ali pa 99,000, palibe chimene chasesedwa. Apa fanding'i ndi imene imasiyanitsa. Ikakhala ikadali pa 0.04% kapena 0.05%, a long'i atsopano akulowa m'malo mwa otsekeredwa poganiza kuti agula motchipa, ndipo gulu la levareji 10 lija la pa 58,800 likadali panjira. Ikatembenuka kupita pansi pa ziro makontirakiti akukwera, ndiye kuti akulowa tsopano ndi a shoti othamangira mtengo umene wagwa kale, ndipo kuunjikana kwayamba kusamukira mbali inayo.

Pa ntchito imeneyi musadalire kwambiri chiwerengero cha likwideshoni chimene chimalengezedwa. Kuyambira 2021 Binance imatulutsa poyera likwideshoni imodzi yokha pa sekondi pa kontirakiti iliyonse, choncho pa nthawi ya chipwirikiti, pamene mazanamazana akutsekeredwa pa sekondi imodzi, zambiri siziwerengedwa. Nambala ya `Long/Short Ratio` ya maakaunti nayo imawerenga mitu ya anthu osati ndalama: maakaunti 70 ang'onoang'ono a long'i angakhale moyang'anizana ndi maakaunti 30 aakulu a shoti, makontirakiti ali ofanana mbali zonse. Kutsika kwa makontirakiti otseguka, kowerengedwa mu Bitcoin ndiponso kophatikiza misika ikuluikulu, ndi kumene kumasonyeza bwino kuchuluka kwa amene atuluka, kaya anatsekeredwa kapena anathawa okha.